Duku la pa chinkhoswe: telala sanandisiyire nsalu, nditani?

Mayi a Tadala: Azimayi anzanga ndithandizeni chonde. Mng'ono wanga akupanga chinkhoswe Loweruka la sabata ya mawa, ife achibale tinagula yunifomu ya chitenje, ine ndinatenga mamita 4 nkupereka kwa atelala. Diresi latuluka bhobho sindikunama, lalitali mpaka m'mapazi, logwira thupi, manja ake ofufuma aja. Vuto ndi loti sindinawauze za duku ndiye nsalu yonse yathera m'diresi, andibwezera kachidutswa kokha. Chitenjecho pansi pake ndi cha buluu wakuda uja wa nevi, chili ndi maluwa akuluakulu achikasu ndi timizere tochepa ta maruni m'mphepete mwa maluwamo. Dzulo ndagula mpango wa satini wa golide poganiza kuti ugwirizana ndi maluwawo koma nditamanga ndikuoneka ngati mutu ndi wa munthu wina thupi la munthu wina, komanso ukungoterereka. Nditani abale?

Nabanda wa ku Area 25: Aaa asisi pamenepo palibe zambiri, duku la diresi la chitenje limakhala la chitenje chomwecho basi. Bwererani komwe munagula mukatenge mamita 2 ena nkhani yatha.

Mayi a Tadala: Ndinapitako kale, chinatha. Anti athu ndi amene anatenga zidutswa zomaliza

Chiso: Valani wigi basi kkkk mavuto onsewa a chani

Mayi a Tadala: Ndinaluka kale meshi yaitali, ndipo anti ananena kuti akuchikazi tonse maduku kumutu. Mukawadziwa anti athu simungandiuze za wigi

Nachisale: Ndabwera. Ine ndimasoka ndipo za maukwati ndi zinkhoswezi ndimamanganso anthu maduku m'mawa wa tsikulo, ndiye tiyeni tione bwinobwino. Choyamba yezani kachidutswa katsalako ndi tepi mundiuze kutalika ndi mulifupi mwake, musangoti kachidutswa. Chachiwiri satiniyo isiyeni, ndikuuzani chifukwa. Chikasu cha pa chitenje sichiwala, ndi utoto wolowa mu kotoni, pomwe satini imabweza kuwala ndiye mukatembenuka pang'ono yasanduka yoyera, mukalowa pamthunzi yasanduka ya bulauni. Diso la munthu limaona kuti mumafuna kumatcha ndi maluwa aja koma mwaphonya. Kuphonya pang'ono ndi kumene kumaoneka moipa kusiyana ndi kuvala mtundu wosiyaniratu umene aliyense akuona kuti mwachita dala.

Mayi a Tadala: Ndayeza, ndi masentimita 120 mulitali, mulifupi 30. Palinso tina ting'onoting'ono tosathandiza

Nachisale: Chabwino, kameneko sikangakwane duku pakokha koma musakataye kali ndi ntchito. Onani masamu ake. Mutu wa munthu wamkulu ukauzunguliza tepi umakhala cha m'ma 55 mpaka 58, inu ndi meshi mwina mupitirira 60. Ndiye 120 yanuyo mukazunguliza kamodzi kwatsala 60, kutanthauza 30 mbali iyi 30 mbali inayo, mfundo yokha idya theka, zotsalazo ndi timichira tosapindika. Ndipo 30 mulifupi siyingaphimbe kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, pa liwombo padzakhala poyera. Duku lomanga mwa ufulu limafuna mita ndi hafu kapena mamita 2 mulitali, ndi 50 kapena 55 mulifupi. Nchifukwa chake chitenje cha mamita 2 chija ukachidula pakati motsatira kutalika kwake mumatuluka maduku awiri abwinobwino, chifukwa mulifupi mwa chitenje ndi mita ndi pang'ono.

Nabanda wa ku Area 25: Ndiye mwamva? akanagula ndi mnzawo nkugawana. Ine ndimatero nthawi zonse

Nachisale: Zoona a Nabanda pamenepo mwakhoza, koma chitenje chatha ndiye tikambe zomwe zilipo. Ndipo sindikuvomerani kuti duku liyenera kukhala la chitenje chomwecho nthawi zonse. Chitenje cha maluwa akuluakulu ngati ichi chimavuta kumutu, duwa limodzi likhoza kukula ngati mbale yodyera, ukapinda nsalu duwalo limaduka, pamutu pamangooneka zigamba zachikasu apa ndi apo osadziwika kuti ndi chani. Zitenje za timaluwa ting'onoting'ono kapena timabokosi ndi zimene zimakoma kuvala kumutu ndi kuthupi zofanana, chifukwa olo upinde bwanji chithunzi chake chimaonekabe.

Tsono mtundu. Diresi lanu lili ndi mitundu itatu, nevi ndiye wochuluka, chikasu chikubwera pachiwiri, maruni ndi wochepetsetsa. Ine ndikanatenga maruni, nsalu ya puleni ya kotoni. Anthu ambiri amathamangira mtundu umene ukukuwa kwambiri m'diresi, koma umenewo wakwana kale, ukawonjezanso kumutu diso silipuma. Mtundu wochepa uja ukauika kumutu umachita kudzuka m'diresi monse, timizere timene munthu sakanationa amayamba kutiona, ndiye amaona kuti mutu ndi diresi ndi chinthu chimodzi.

Eluby: Bwanji osangogula nevi? nevi sakangana ndi chilichonse

Nachisale: Nevi ndi wabwino mukampeza weniweni, koma ndi mtundu wovuta kuupeza wofanana. Pali nevi wopita ku blaki, pali wopita ku pepo, pali wopita ku girini, m'shopu onse amaoneka amodzi koma mukatuluka padzuwa mpamene amasiyana. Ndiye tabwereranso ku vuto la kuphonya pang'ono lija. Komanso diresi lalitali la nevi, kumutu nevi, nkhope imazimirira makamaka pa zithunzi za m'holo momwe magetsi ndi ochepa. Maruni ngakhale asiyane pang'ono ndi wa m'diresi palibe angadziwe chifukwa timizereto ndi tating'ono, palibe chigamba chachikulu chofananizira.

Gogo Nangozo: Ana inu mukuvutika ndi zinthu zazing'ono. Ife a Mvano duku ndi loyera, bulauzi yoyera, siketi yakuda, palibe kufunsana za mitundu. Mpango woyera umayenda ndi chovala chilichonse, mwana wanga tenga woyera uchape bwino usite basi.

Mayi a Tadala: Zikomo agogo koma m'diresimu mulibe zoyera olo pang'ono, ndikuopa kuoneka ngati ndachokera ku mapemphero a Lachinayi nkungodutsira ku chinkhoswe kkkk

Gogo Nangozo: Nanga kuchokera ku mapemphero nkoipa?

Mayi a Tadala: Ayi agogo sindinatero pepani

Nachisale: Agogo akunena zoona pa yunifomu ya mpingo, pamenepo mtundu unasankhidwa kale ndipo kamangidwe kake nkodzichepetsa, mfundo kumbuyo, palibe zokweza. Koma pa diresi ili loyera likhala lokha popanda mnzake. Kukanakhala timadontho toyera m'chitenjemo ndikanati yesani, ndi ndolo zoyera.

Anaphiri ku Joni: Kuno duku amati doek, ndipo akazi okwatiwa kumene aja amati makoti amavala shweshwe, diresi ndi doek nsalu imodzi. Koma ndikuona zomwe a Nachisale akunena chifukwa shweshwe mapatani ake ndi ang'onoang'ono kwambiri ndiye kumutu imakhala bwino. Ine langa ndi lina, ndili ndi diresi la lesi la pinki wotuwa ndikufuna kuvala pa ubatizo wa mwana, lesi yake yatsala yambiri koma ndikamanga kumutu meshi ikuonekera m'mabowomo ndiye ndizitani

Nachisale: Lesi simangidwa yokha achemwali. Tengani nsalu ya mkati ija atelala anaika pansi pa lesi m'diresimo, ija timati laini, muyale pansi pa lesi nkumanga zonse pamodzi, mtundu ukhala ndendende ndi diresi chifukwa ndi mmene diresilo lapangidwira. Ngati laini yake ndi yoterera yambani mwamanga kampango ka kotoni pansi. Tibwerere kwa mayi a Tadala nthawi yawo ndi yochepa.

Mayi a Tadala: Ndiye ndikagule maruni wochuluka bwanji, nsalu yanji? Ndipo kachidutswa kaja mwati kali ndi ntchito

Nachisale: Mukagule popolini wa kotoni kapena nsalu iliyonse ya puleni yosawala imene mukaifinya m'manja imasunga makwinya pang'ono. Yesani choncho m'shopu momwemo, finyani ngodya yake nkusiya, ikangobwerera mwakale ngati simunaikhudze imeneyo ndi ya pulasitiki yambiri idzakutererani ngati satini yomweyo. Muwauze akudulireni mamita 2, nsalu siyigulitsidwa theka la mulifupi ndiye mutsala ndi duku lina, mupatse m'bale wanu. Popita tengani kachidutswa ka chitenje kaja m'chikwama, musadalire chithunzi cha pa foni, foni imanama pa mitundu makamaka zofiira ndi maruni. Mukafika pemphani kutuluka nazo pakhomo, muike ziwirizo pamodzi padzuwa, kenako mnzanu azigwire inu mubwerere mapazi angapo. Maruni wa m'chitenje akakhala wopita ku bulauni musatenge wopita ku pepo, ndi pokhapo pamene mungaphonye.

Kachidutswa kaja tikachite lamba. Kapindeni mulitali katatu kakhale masentimita 10 mulifupi, musankhe kuti mbali ya pamwamba ikhale yomwe ili ndi nevi wambiri ndi chidutswa cha duwa lachikasu, musite ndi simbi kagone. Mukamaliza kumanga duku la maruni, lambayo mumudutsitse m'munsi mwa duku kuzungulira mutu, nsonga zake muzibise kunkhongo. 120 ikukwana bwino kuzungulira kamodzi ndi kubisa. Ndiye munthu akakuonani aona chitenje cha banja chili kumutu, maruni ali pamwamba pake, ndipo mtundu wa pafupi ndi nkhope ndi womwewo wa diresi.

Eluby: Eeh koma iyi ndi nzeru. Ine zidutswa zotere ndimangopukutira mbaula

Nabanda wa ku Area 25: Komabe ine ndikuona ngati mudzasiyana ndi anzanu. Cholinga cha yunifomu nchoti akuchimuna akaona adziwe kuti awa ndi akuchikazi, ndiye wina maruni wina chani zisokonekera. Ndipo mkulu wake wa mkwatibwi mudzakhala kutsogolo nthawi yonse ya pelekanipelekani.

Nachisale: Apa a Nabanda ali ndi mfundo, sindikana. Pali njira ina ngati mukufuna chitenje chichuluke kumutu. Atelala alumikize kachidutswa ka 120 ndi 30 kaja ndi nsalu ya puleni, 30 ya chitenje ndi 25 ya puleni kuti mulifupi mukwane 55, kenako aonjezere puleni masentimita 30 kunsonga iyi ndi 30 kunsonga inayo, mwapeza duku la 180. Pomanga chitenje chimakhala kutsogolo, puleni imaphimba pa liwombo ndi kupanga mfundo. Koipa kwake misoko imalimbitsa nsalu ndipo ikagwera pamene pakupita mfundo imatupa, ndiye muyese kunyumba osati m'mawa wa tsikulo. Ine ndimakonda ya lamba chifukwa sifunika makina.

Thoko wa ku Leeds: Asisi gulani gele basi, kuno anzathu a ku Nigeria amavala pa maphwando awo zimakhala fire, pali zina zomangamanga kale ungovala ngati chipewa

Chiso: Kuchokera ku Leeds kufika Loweruka? kkkkk

Nachisale: Gele ndi wokongola koma taonani chovala chimene amavala nacho. Nsalu yake ndi youma, aso oke kapena zowala zolimba zija, ndipo amamanga motambalala ngati chokupizira mphepo chifukwa bulauzi yawo imene amati buba ndi yotaya, yamanja otakata, ndiye chachikulu kumutu chimagwirizana ndi chachikulu kuthupi. Diresi la mayi a Tadala ndi logwira thupi ndipo lili kale ndi manja ofufuma. Mukaika chotambalala pamwamba pa mapewa otambalala khosi limasowa, mutu umaoneka ngati wakhala pa mapewa. Komanso tisaiwale mwini tsiku ndi mng'ono wawo, duku la mkulu wake lisatalike kuposa la mkwatibwi anthu angakunene.

Ichi ndi chimene anthu amaiwala, amatha sabata akusaka mtundu koma kamangidwe amangotengera zomwe aona pa foni. Kamangidwe kamachokera ku mapewa ndi khosi la diresi. Manja ofufuma kapena khosi lokhala ndi zokongoletsa zambiri, duku likhale logwira m'mbali, ngati mukufuna kukweza kwezani m'mwamba osati m'mbali. Diresi la mapewa poyera kapena khosi lotsika la V, pamenepo pali malo ambiri pakati pa nkhope ndi nsalu, mutha kumanga lalikulu la mfundo ya gulugufe kutsogolo lidzadzaza malowo. Diresi la phewa limodzi mfundo ipite mbali ya phewa lopanda nsalu kuti kulemera kusakhale mbali imodzi.

Eluby: Koma Dr Joyce Banda nthawi imene anali pulezidenti 2012 mpaka 2014 ankavala manja ofufuma ndi duku la nsalu yomweyo ndipo ankatchena, nde lamulo lanulo lili pati?

Nachisale: Kaonereninso zithunzi zawo muone ngati duku limapitirira mapewa. Ine mmene ndimaonera limakhala lokhazikika pamutu, nsalu imodzi ndi chovala, silipikisana ndi manja. Sindinati manja ofufuma saloledwa duku, ndati asatambalale onse awiri.

Mayi a Tadala: Chabwino ndiphunzitseni kamangidwe kake pang'onopang'ono, ine ndimadziwa kongomanga kumbuyo kopita nako kumaliro ndi kumunda kaja

Nachisale: Yambani ndi meshi. Isonkhanitseni pamwamba pa mutu cha pa liwombo muizungulize ikhale banzi limodzi, mumange ndi kalamba kapena sitokini yakale. Banzi limeneli ndi limene likupatsani kutalika, simufunika kulowetsa zinthu zina mkati. Musaliike kunkhongo, likakhala m'munsi duku limakokedwa kumbuyo tsiku lonse ndipo mukakhala pampando wa m'galimoto limakankhidwa kutsogolo. Ngati tsitsi mwadzola mafuta ambiri valani kaye kachipewa ka wigi kaja kapena kampango kopyapyala ka kotoni, mafuta ndi amene amatereretsa komanso amadetsa nsalu.

Kenako tengani duku, pindani m'mphepete mwake mulitali zala ziwiri kuti mzere wa pamphumi ukhale woongoka. Weramani pang'ono, ikani pakati pa nsalu kunkhongo, mbali yopindayo ili m'munsi, nsonga ziwiri zibwere kutsogolo zofanana kutalika. Kokerani nsalu ya pamwamba iphimbe banzi lonse mpaka ifike pamphumi. Tsopano nsonga ziwiri zija zidutsitseni pamwamba pa makutu, zipingasane pamwamba pa mphumi, osati pakati penipeni koma chakumbali pang'ono pamwamba pa diso limodzi, mumange kamodzi kokha. Zotsalazo muzipote pamodzi ngati chingwe, osalimbitsa kwambiri, nkuzizunguliza pa mfundo pomwepo zikhale ngati nkhata yaing'ono, nsonga yomaliza muilowetse pansi pa nkhatayo ndi chala. Pini mmodzi wa tsitsi mbali iyi wina mbali inayo. Pomaliza lamba wa chitenje uja, pakati pake pakhale pamphumi pansi pa nkhata, nsonga zikapingasane kunkhongo muzilowetse pansi pa duku, pini wina pamenepo.

Mukatha gwedezani mutu, weramani ngati mukutola ndalama pansi, chifukwa ndi zimene mukachite pa pelekanipelekani. Likasuntha masulani muyambirenso, musaonjeze mapini.

Chiso: Ine ndikamanga duku pakatha ola mutu umayamba kuwawa mpaka m'maso, ndi chani chimenechi

Nachisale: Mukulimbitsa pamphumi ndi pamwamba pa makutu. Duku siligwira chifukwa chokoka, limagwira chifukwa lakhala pansi pa fupa lotukuka la kunkhongo lija, gwirani kumbuyo kwa mutu mulimva. Nsalu ikakhala pansi pa fupa limenelo singakwere. Mukamanga chala chimodzi chizilowa pakati pa duku ndi mphumi. Mukavula nkupeza mzere wozama pakhungu dziwani munapyola, ndipo mukamatero kawirikawiri pamwamba pa meshi yokoka kale tsitsi la kutsogolo limayamba kuthothoka.

Gogo Nangozo: Makutu muphimbe. Mzimayi wamkulu duku limaphimba makutu.

Thoko wa ku Leeds: Nde ndolo tivalira chani agogo kkk

Nachisale: Phimbani theka la pamwamba, kunsi kwa khutu kutsale ndolo zioneke, onse awiri mwakondwa. Ndipo mayi a Tadala golide munkafuna uja ndi pamene angalowe, ndolo zazing'ono za golide zidzayankhana ndi maluwa achikasu popanda kupikisana nawo. Mkanda waukulu siyani, manja ofufuma ndi nkhata kumutu zakwana.

Nabanda wa ku Area 25: Muikenso sitalichi kuti liume gwa, ine ndimaviika mu phala la chinangwa

Nachisale: Sitalichi eya koma pang'ono, ndipo pa nsalu ya mtundu wakuda samalani. Supuni yaikulu imodzi ya ufa wosalala wa chinangwa muisungunule m'madzi ozizira pang'ono, muthire m'makapu awiri a madzi owira mukutakasa mpaka ayere ngati galasi, azizire, musefe, muonjeze madzi ena kenako muviike nsalu. Isaume kwambiri, musite ikadali ndi chinyezi, ndipo musite kuseri. Mukathira yambiri kapena osasefa pa maruni pamatuluka mawanga oyera, ndipo nsalu youma gwa sipoteka, nkhata ija imathyoka m'malo mozungulira. Kamangidwe ndakupatsani kamafuna nsalu yolimba pang'ono chabe, youma gwa ndi ya omanga mapiko oimirira.

China chofunika kuposa sitalichi, muichape kaye nsaluyo musanavale. Zofiira ndi maruni zambiri zimachucha utoto. Nyowetsani kansalu koyera mupukute pangodya, kakafiira dziwani kuti thukuta la masana pa chinkhoswe lidzakutsitsirani utoto pamphumi ndi pa lamba wa chitenje uja, chikasu chake chisanduka olenji. Ichapeni payokha mutsukuluze mpaka madzi ayere, muyanike pamthunzi.

Eluby: Zimenezi zinandichitikira pa ukwati wa mlamu wanga, duku lofiira la pamsika, mmene timafika ku holo mphumi yonse pinki, anthu ankaganiza ndadzola paudala wolakwika. Ndinakasamba ku bafa nkumangira kumbuyo koma zithunzi za ku tchalitchi zilipo mpaka lero

Anaphiri ku Joni: Amati ukaviika mu mchere utoto suchucha, amayi anga ankatero

Nachisale: Anthu ambiri amatero, ine ndayesapo nsalu zina zinachuchabe. Chimene ndimadalira ndi kutsukuluza mpaka utoto wosagwira uthe.

Mayi a Tadala: Ndabwerako ku tauni. Ndapeza maruni awiri, wina wopita ku pepo wina wopita ku bulauni, m'shopu ndimaona ngati woyambayo ndiye wake koma nditatuluka panja ndi kachidutswa kaja wachiwiriyo ndi amene wagwirizana, mwini shopu amandiyang'ana ngati ndithawa nazo kkkk. Ndachapa, madzi oyamba anafiira ndithu, achitatu ayera. Ndayesa kumanga pagalasi koma nkhata ikutuluka yaikulu kwambiri ngati ndikufuna kusenza ndowa, ndipo kumbuyo kukutsala kathumba kolendewera pansi pa banzi.

Nachisale: Mwadula pakati kapena mwamanga nsalu yonse mmene munagulira?

Mayi a Tadala: Ndangoipinda pawiri, ndimaopa kudula

Nachisale: Ndi chimenecho. Nsalu yachuluka kawiri ndiye nkhata ikula kawiri. Dulani itsale 55 mulifupi, atelala apinde m'mphepete kamsoko kakang'ono. Ikakhalabe yaikulu chepetsani kutalika kufika 170, muzidula pang'onopang'ono chifukwa yodulidwa sibwerera. Kathumba ka kumbuyoko ndi chifukwa simunakoke nsalu ya pamwamba musanamange mfundo, ikokereni kutsogolo kaye igwire banzi, zotsala za m'mbali muzipinde mulowetse pansi pa nsonga zija pamene zikudutsa pa makutu. Ndipo poyesa valani diresi lenilenilo, osati tisheti, apo ayi simudziwa ngati nkhata ikugwirizana ndi manja. Wina akujambuleni chithunzi cha thupi lonse ataima patali, kutsogolo ndi chammbali, galasi la kumaso limangokuonetsani mutu.

Mayi a Tadala: Ndadula, ndavala zonse, Tadala wandijambula. Abale inu timizere ta maruni tija tikuoneka mpaka m'munsi mwa diresi, sindimadziwa kuti tilipo tambiri chonchi. Lamba naye wakhala bwino kungoti duwa lachikasu linagwera pa khutu, ndamusuntha kuti likhale pansi pa nkhata.

Nabanda wa ku Area 25: Zaoneka bwino sindikana koma anti mwawaonetsa?

Mayi a Tadala: Ndawatumizira chithunzi. Ayankha kuti "nanga enawo?" Ndiye ndafunsa pa gulu la banja, zapezeka kuti tilipo anayi amene nsalu inathera m'madiresi, awiri akufuna maruni ngati wanga, mmodzi akuti iye maruni samukhala chifukwa ndi woderapo akufuna chikasu, anti akuti kaya tonse tifanane kaya aliyense abweze kachidutswa kake asoketse maduku olumikiza.

Nachisale: Woderapoyo maruni amukhala, makamaka poti lamba wa chitenje ndi amene ali pafupi ndi nkhope. Koma akaumirira chikasu chikhale cha kotoni chosawala ndipo duku likhale laling'ono. Theka linatsala lija mupatseni ayese kaye ndi diresi lake asanakane.

Gogo Nangozo: Mukanamvera za loyera bwenzi pano mutagona

Chiso: kkkkkk agogo sakusintha

Mayi a Tadala: Theka lija ndamupatsa kale wina, ndiye mawa ndibwereranso ku shopu ndikaone ngati maruni yemweyo watsala. A Nachisale Loweruka m'mawa muli ndi anthu angati? mwina mungotimanga tonse anayi, anti akakuonani inu sangatsutse